Kalata yopita kwa makolo: mwana alandirirenji malikisi pa masewero olimbitsa thupi?

"Ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu, cha ku Santhe. Kuyambira teremu ikubwerayi tagwirizana kuti phunziro la masewero olimbitsa thupi likhale la wophunzira aliyense, ndipo malikisi ake azioneka pa lipoti. Makolo ayamba kale kung'ung'udza. Bambo wina anandiimitsa pamsika n'kundifunsa kuti, 'Mwana wanga amayenda makilomita 7 kubwera kusukulu kwanuko, Loweruka ali ndi khasu m'manja, ndiye mukufuna athamangenso chiyani?' Ahedi andipatsa ntchito yolemba kalata yopita kwa makolo onse. Ndilembemo zotani kuti amve?"

Aphunzitsi, bambo ameneyo akunena zoona, ndipo kalata yanu ikayamba ndi kumutsutsa, mwaluza kale. Makilomita 7 ndi ulendo wa pafupifupi ola ndi theka kupita kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo mwana ameneyu, ngati amayenda mwandawala, amakhala atakwanitsa zimenezo belu loyamba lisanalire. Tsono tayang'anani mbali yanu. Mapiriyodi awiri a mphindi 40 pa sabata ndi mphindi 80. Mukachotsapo nthawi yotuluka m'kalasi, yosintha zovala ndi yoitana mayina, zimatsala ngati 60, pamene WHO ikunena za mphindi 420 pa sabata. Choncho musalembe kuti phunziroli ndilo lilimbitse ana matupi. Kholo lodziwa kuwerengera lidzakusekani, ndipo lidzakhala ndi chifukwa.

Ine kalata yanga yoyamba ndinaidzaza ndi zimenezo: thanzi, mphamvu, mtundu wa mawa. Zinali ku Mchinji, ndili mnyamata wongochoka kumene ku koleji. Tsiku la msonkhano makolo anamvetsera mwaulemu, kenako agogo ena aakazi amene ankalera mdzukulu anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, wanga uja ndi wojintcha, kuthamanga satha. Ndiye kuti walephera kale tisanayambe?" Ndinayang'ana ahedi, ahedi anayang'ana pansi. Tinali tisanakambirane n'komwe kuti malikisi tizipereka motani. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti kalata yotere imalembedwa pomalizira. Choyamba mukhale pansi ndi mphunzitsi wa phunziroli, mugwirizane za kagawidwe ka malikisi, za ana odwala ndi za zovala. Kalata ingonena zimene mwagwirizanazo.

Nanga mwana woyenda mtunda ndi wolima akusowa chiyani? Khasu limalimbitsa, palibe wokana, koma limagwiritsa thupi mbali imodzi: wawerama, manja akukwera ndi kutsika, msana uli pomwepo mmawa wonse. Komanso limayendera nyengo. Mvula ikatha, ntchito imasanduka yokhala pansi m'chigafa kusankha fodya kapena kusenda chimanga. Malangizo a WHO omwe aja amanenanso kuti masiku osachepera atatu pa sabata mwana achite zomupumitsa mwawefuwefu ndi zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha ndi kuthamanga mwaliwiro, ndipo zaka za kusekondalezi ndi pamene mafupa amakhwima kwambiri. Kuyenda kokha sikufika pamenepo. Koma chachikulu chimene ndimauza makolo ndi ichi: ili ndi phunziro, ndipo muli zinthu zoti mwana adziwe zimene msewu ndi munda sizimuphunzitsa. Kunyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 popinda mawondo, thumba lili pafupi ndi thupi, m'malo mowerama ndi msana. Kudziwa chochita mnzake akabinya bondo kapena kakolo: asayendepo, pakhale nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, amange mosafinya kwambiri, mwendo ukhale m'mwamba, ndipo ngati sangathe kuponda n'komwe apite kuchipatala, osati kumukoka mwendo monga timachitira pabwalo la m'mudzi. Kuzindikira kuti munthu amene akumva chizungulire, mutu ndi nseru padzuwa la Okutobala afunika mthunzi ndi madzi msangamsanga. Kudziwerengera yekha kugunda kwa mtima. Kholo likamva zimenezi limaona kuti pali cholowa m'mutu mwa mwana.

Palinso china chimene bambo uja amachifuna yekha. Akulipira fizi kuti mwana wake asadzakhale wa khasu moyo wonse. Mwanayo akadzapeza ntchito ya muofesi, kapena sitolo pa Kasungu boma, kapena njinga yamoto, kuyenda kuja kudzatha tsiku limodzi, nsima n'kukhala yomweyo. Ambiri mwa ife tili ndi achibale amene anakulira kumunda, lero akumwa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Munthu amene thupi lake linkangolimba ndi ntchito, osadziwa kulisamala mwadala, ntchito ija ikatha sadziwa poyambira. Mfundo imeneyi m'kalata ikwane chiganizo chimodzi kapena ziwiri, musaopseze nayo anthu.

Za chifukwa chake lili la aliyense, yankho lili pabwalo lanu lomwelo. Makolo ambiri, ngakhalenso aphunzitsi anzathu ena, akamva za masewero amaganiza za timu ya sukulu. Timu ya mpira wamiyendo imalowetsa anthu 11, ya mpira wamanja 7. M'kalasi ya ana 70, amenewo ndi 18, ndipo otsalawo, oposa 50, amakhala pansi pa mtengo kuonerera anzawo. Mukalola kuti wofuna azibwera, amabwera omwe aja odziwa kale, pamene wamanyazi, wojintcha, wa mphumu ndi atsikana ambiri, makamaka akafika Fomu 2 matupi atayamba kusintha, amazimiririka mmodzimmodzi. Amene phunziroli likanawathandiza kwambiri ndi amene amayamba kuthawa. Ndi chifukwa chake mayiko anagwirizana pansi pa bungwe la UNESCO mu 1978, n'kubwerezanso mu 2015, kuti maphunziro olimbitsa thupi ndi ufulu wa munthu aliyense. Mukhoza kutchula zimenezi pamsonkhano wina akafunsa ngati mwangozipeka nokha, koma m'kalata sindingaziike. Kholo la ku Santhe limakhutira msanga ndi nkhani ya ana 18 ndi ana 50 kusiyana ndi dzina la bungwe lakutali.

Malikisi nawo chifukwa chake tonse timachidziwa, kungoti sitikonda kuchinena. Pasukulu zathu chinthu chosaoneka pa lipoti chimasanduka piriyodi yaulere. Mphunzitsi wa masamu amaipempha kuti amalize silabasi, tsiku lina ana amatumidwa kukatchetcha udzu, teremu n'kutha osaphunzira kanthu. Malikisi amamanga mwana, koma amamanganso sukulu, chifukwa simungalembe nambala pa lipoti ya chinthu chimene simunaphunzitse. Walira mvula walira matope: kuyambira pano mufunika kaundula wa tsiku lililonse ndi buku losungamo zotsatira, ndipo kholo likabwera kudzafunsa kuti 54 ya mwana wake yachokera pati, muzitha kutsegula tsamba n'kuloza.

Funso limene lidzabwere ndithu ndi lakuti, "Kodi zimenezi zidzamuthandiza pa mayeso a boma?" Yankhani mosazungulira kuti awa ndi malikisi a sukulu, a pa lipoti la teremu, ndipo satifiketi ya MSCE imachokera ku mayeso a MANEB. Musalonjeze chimene sichili m'manja mwanu. Mugwirizanenso kale ngati malikisiwa aziwerengedwa posanja ana kuti uyu ndi nambala wani, uyu wachiwiri. Ine chaka choyamba ndimalangiza kuti azioneka pa lipoti koma asalowe m'kasanjidweko, chifukwa mwana akatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 5 chifukwa cha phunziro latsopano limene aphunzitsi eni ake akuliphunzira kuchonga, mkangano wake sutha.

Tsopano pa kagawidwe, pamene pagona nkhani yonse. Lamulo lake ndi limodzi: malikisi ayeze zimene mwana waphunzira ndi khama limene waonetsa, asayeze thupi limene anabadwa nalo. Kagawidwe kamene kanandigwirira ntchito ndi aka, pa 100. Kupezeka ndi kutenga nawo mbali, 30. Luso limene laphunzitsidwa teremu imeneyo, 30. Kupita patsogolo kwa mwana pomuyerekeza ndi iye mwini, 20. Mayeso olemba aafupi, 20. Mukhoza kusuntha manambalawa, koma gawo la liwiro ndi mphamvu lisapose limodzi mwa magawo asanu.

Luso muziliyeza ndi zinthu zooneka, zolembedwa papepala mwana asanayesedwe. Tinene kuti mwaphunzitsa kuponya mpira kuchokera pachifuwa. Mukuyang'ana zinthu zitatu: kodi zala zatambasuka kumbuyo kwa mpira, kodi waponda patsogolo ndi mwendo umodzi poponya, kodi manja atambasuka mpaka kumapeto kulunjika kwa mnzake. Mwana wochepa mphamvu akhoza kukhoza zitatu zonsezi mpira wake utangofika mamita anayi, pamene chimphona chikhoza kuponya kutali koma molakwika. Mukasankha maluso atatu pa teremu, lililonse malikisi 10, mwakwanitsa 30. Limodzi mwa atatuwo likhoza kukhala gule. Chimtali, mganda, kapena ngoma ya Angoni a ku Mchinji imapumitsa wefuwefu kuposa mpira wa ana 22 umene theka la iwo langoima, ndipo imakoka ana amene mpira sawufuna.

Kupita patsogolo ndimakuyeza ndi kuthamanga kwa mphindi 12, njira imene dokotala wa ku Amereka, Kenneth Cooper, anaiyambitsa mu 1968. Sifuna chida china kupatula wotchi ndi wezulo. Yezani bwalo lanu ndi chingwe. Ngati ndi mamita 100 m'litali ndi 65 m'lifupi, kulizungulira kamodzi ndi mamita 330. Khomani zikhomo zinayi zogawa mzere wozungulira bwalowo m'magawo anayi ofanana. Ana akhale awiriawiri, mmodzi akuthamanga mnzake akumuwerengera, kenako asinthane. Wotopa aziyenda, asaime. Muchite kumayambiriro kwa teremu ndi kumapeto, nthawi yofanana ya tsiku. Wochita maulendo onse awiri moona mtima walandira kale 10. Khumi enawo ndi a kuwonjezera: chikhomo chilichonse chimene wawonjezera, malikisi 2. Amene anayambira kale pamwamba sangawonjezere zambiri, choncho ikani malire, monga kuzungulira bwalo maulendo 8 kwa anyamata ndi 6 kwa atsikana, kuti wofika pamenepo n'kusatsika alandire onse.

Ana ndi ochenjera. Akangomva kuti malikisi ali pa kuwonjezera, ulendo woyamba amathamanga ngati akupita kumaliro, kuti ulendo wachiwiri aoneke ngati asintha. Mankhwala ake ndi kugunda kwa mtima. Wezulo ikangolira, aliyense aike zala ziwiri padzanja la mnzake, m'munsi mwa chala chachikulu, awerenge kwa masekondi 15, achulukitse ndi 4. Mtima wa munthu umafika pachimake pafupifupi pa 220 kuchotsapo zaka zake, ndiye wa zaka 15 ndi cha m'ma 205 pa mphindi. Amene walimbikiradi mumupeza pa 40 kapena kuposa m'masekondi 15 aja, kutanthauza 160 kupita m'mwamba. Mukapeza 25, ndiye kuti 100, ameneyo amangoyenda, abwereze sabata yamawa. Si muyeso wa kuchipatala, anthu amasiyana, koma kusiyana kwa 25 ndi 40 sikubisika. Ndipo mwaona, ana aphunzira masamu ndi sayansi ali pabwalo.

Ndikupatseni ana awiri a Fomu 2 amene ndinali nawo teremu ina ya mapiriyodi 20. Woyamba anali mnyamata wosewera kutsogolo m'timu ya m'mudzi mwawo, wotchuka dera lonse. Phunziro langa ankaliona ngati la ana, anabwera maulendo 12 okha, ndiye pa kupezeka anapeza 18 pa 30. Luso, 24: pa mpira panalibe chomuuza, koma kutenthetsa thupi ndi kudziwongola ankangochita mwamwambo. Kuthamanga anazungulira maulendo 8 poyamba, 8 pomaliza, malikisi onse 20. Mayeso olemba, 7. Zonse pamodzi 69. Wachiwiri anali mtsikana wa mphumu amene mayi ake anabwera okha kudzapempha kuti asamathamange. Tinagwirizana kuti azibwera ndi mankhwala ake opopera m'thumba, azitenthetsa thupi nthawi yotalikirapo kuposa anzake, ndipo masiku a fumbi ndi mphepo yozizira azichita zopepuka. Anapezeka maulendo 19, tsiku limodzi anali kuchipatala ndipo anaonetsa kabuku, ndiye ndinamupatsa 30 yonse. Luso, 19. Kuthamanga anayamba ndi maulendo 4, mamita 1,320, theka akuyenda, n'kumaliza ndi maulendo 4 ndi zikhomo zitatu, pafupifupi mamita 1,570. Ndiye 10 kuwonjezera 6, zikhala 16. Olemba, 15. Zonse pamodzi 80. Mnyamata uja anabwera kuofesi atatupa, akuti zatheka bwanji kuti katswiri ngati iye apitidwe ndi munthu amene iyeyo amamudutsa kanayi pabwalo. Ndinamutsegulira kaundula, tinawerenga limodzi masiku asanu ndi atatu amene panalibe dzina lake. Teremu yotsatira anajomba kamodzi.

Chitsanzo ngati chimenechi, popanda mayina, chilowe m'kalata mwachidule. Ndicho chimayankha agogo aja.

Za odwala musazitenge mopepuka, chifukwa mawu akuti "aliyense" akagwera mphunzitsi wouma mtima amapweteka mwana. Tanthauzo lake ndi lakuti aliyense apezeke ndi kuphunzira. Sizitanthauza kuti aliyense achite zofanana. Wongochira malungo, kapena amene zikhatho ndi m'maso mwayera chifukwa cha kuchepa magazi, asathamange, agwire wotchi ndi kulemba zotsatira, malikisi a kupezeka alandire. Wa matenda a mtima, kapena wa nthenda ija ya magazi yobadwa nayo imene imapweteketsa mafupa kawirikawiri, asachite kuthamanga kwa mphindi 12 pokhapokha achipatala atalemba zimene angathe, ndipo malikisi 20 amenewo muwasamutsire ku luso ndi zolemba. Wakhunyu amasewera ndi anzake bwinobwino, kungoti asakwere pamwamba, ndipo mphunzitsi adziwe kuti akagwa amugoneke chammbali, asamulowetse kanthu m'kamwa. Wachialubino avale chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo malo ake akhale pamthunzi. Wolumala mumupezere luso limene angachite, monga kuponya ali chikhalire. Mtsikana amene ali kumwezi sakuyenera kufotokoza pamaso pa kalasi, auze mphunzitsi wamkazi mwakachetechete, achite zopepuka kapena apume, osataya kanthu. Ndipo mwana aliyense amene wamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena wakomoka akuthamanga, aime pomwepo, makolo adziwitsidwe, akaonedwe kuchipatala asanabwererenso.

Palinso njala. Januwale ndi Febuluwale ana ambiri amabwera m'mimba muli pululu, atayenda mtunda uja. Miyezi imeneyo si yoyezera kuthamanga. Muphunzitse luso, kudziwongola ndi zolemba. Momwemonso Okutobala ndi Novembala phunziroli likhale m'mapiriyodi oyambirira, ndowa ya madzi ili pambali pa bwalo. Ndikudziwa kuti opanga ndandanda amakonda kuliponya ku piriyodi yomaliza chifukwa mmawa ndi wa masamu ndi Chingerezi. Limbanani nawo. Kuthamangitsa ana anjala dzuwa lili paliwombo ndi kuitana ngozi, ndipo mwana mmodzi akakomoka, kalata yanu yonse yafera pomwepo.

Zovala ndizo zimautsa mapiri pachigwa kuposa malikisi. Mukangolemba mawu akuti yunifomu ya masewero, kholo limamva ndalama. Ndipo pali makolo ndi mipingo imene siyingalole mtsikana kuvala kabudula pagulu. Musamenye nkhondo imeneyo, mulibe phindu. Tisheti iliyonse yakale, kabudula kapena buluku, siketi yotakasuka yokhala ndi kabudula kapena buluku mkati, zonsezi n'zokwanira. Wopanda nsapato asewere, bola bwalo litoledwe minga ndi magalasi osweka. Atsikana apatsidwe kalasi yawoyawo yosinthira, yotseka, ndipo amayi a gulu loona za atsikana pasukulu muwaitane adzaone okha malowo kalata isanatuluke. Iwowo akakhutira, nkhani imafika m'midzi inu musanafike.

Kalatayo ndingailembe chonchi, tsamba limodzi, m'Chichewa:

"Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira teremu ikubwerayi, wophunzira aliyense wa Fomu 1 mpaka Fomu 4 azichita phunziro la masewero olimbitsa thupi kawiri pa sabata, mphindi 40 ulendo uliwonse, ndipo malikisi ake azioneka pa lipoti.

Tikudziwa kuti ana anu ambiri amayenda mtunda wautali ndiponso amakuthandizani kumunda. Sitikunena kuti ndi aulesi. M'phunziroli aziphunzira zimene ntchito yapakhomo siphunzitsa: kunyamula katundu wolemera osapweteka msana, kuthandiza mnzawo amene wavulala, kuzindikira zizindikiro za kutopa ndi dzuwa, kuwerenga kugunda kwa mtima, malamulo a masewero, ndi kusamala thupi lawo pamene adzakhale pantchito yokhala pansi.

Taliika kuti likhale la aliyense chifukwa masewero akakhala a ofuna okha, amasewera ndi ana ochepa a m'timu, ena onse n'kumangoonerera. Taikapo malikisi kuti ana alilemekeze, komanso kuti ife aphunzitsi tiziliphunzitsadi ndipo inu muzitha kutifunsa.

Mwana wanu sadzalephera chifukwa chosathamanga kwambiri, kunenepa, kuchepa thupi kapena kulumala. Pa malikisi 100, kupezeka ndi kutenga mbali ndi 30, luso limene waphunzitsidwa ndi 30, kupita patsogolo pomuyerekeza ndi mmene anayambira iye mwini ndi 20, mayeso olemba ndi 20. Mwana wosathamanga koma wosajomba akhoza kuposa katswiri wa mpira amene amajomba. Awa ndi malikisi a sukulu, ndipo chaka chino sitiwawerengera posanja ana manambala.

Simukuyenera kugula kanthu. Mwana abwere ndi tisheti yakale ndi kabudula, buluku, kapena siketi yotakasuka yokhala ndi chovala china mkati, ndi botolo la madzi. Atsikana ali ndi chipinda chawo chosinthira. Wopanda nsapato sadzabwezedwa.

Ngati mwana wanu ali ndi vuto limene lingamuvutitse pamasewero, monga mphumu, khunyu, matenda a mtima kapena a magazi, lembani pa kapepala kali m'munsimu, kapena bwerani mudzalankhule nafe panokha. Adzapatsidwa zochita zomuyenera ndipo sadzataya malikisi. Mwana wodwala tsiku limenelo sadzakakamizidwa. Palibe mphunzitsi amene adzagwiritse ntchito kuthamanga ngati chilango.

Tidzakambirana zonsezi pamsonkhano wa makolo, ndipo mafunso anu tidzawalandira.

Ine wanu, Mphunzitsi Wamkulu."

Chiganizo cha chilangocho musachilembe ngati simunagwirizane ndi aphunzitsi onse. Pasukulu zambiri wochedwa amauzidwa kuzungulira bwalo kasanu. Mwana amene mmawa wathamanga ngati chilango simungamuuze masana kuti kuthamanga ndi phunziro, ndipo kholo limene lasunga kalata lidzabwera nayo m'manja. Chimodzimodzi kutchetcha udzu ndi kukumba dzenje, zimenezo zisachitike m'piriyodi imeneyi ngakhale tsiku limodzi.

Kapepala ka m'munsiko kakhale ndi dzina la mwana, kalasi, mzere wolembapo vuto, ndi posayina kapena kudinda chala. Funsani zokhazo zimene zimakhudza masewero. Musafunse za kachilombo kapena mankhwala amene mwana amamwa tsiku ndi tsiku, si nkhani ya pabwalo, ndipo kholo likafuna kunena lidzanena lokha. Timapepalati tisatoleredwe ndi mtsogoleri wa kalasi. Mwana apinde, apereke m'manja mwa mphunzitsi mmodzi amene mwamusankha, iyeyo n'kusunga mokiya.

Kalata ya m'chikwama cha mwana nthawi zambiri sifika, ndipo ikafika si makolo onse amene amawerenga. Muyambe mwaipereka kwa akomiti ya makolo ndi aphunzitsi aione, asinthe mawu amene akuwaona olimba, ndipo wapampando wawo asayine pambali pa ahedi. Ituluke pamodzi ndi malipoti potsekera teremu ino, kuti makolo akhale nayo tchuthi chonse, kenako iwerengedwe mokweza pamsonkhano woyamba. Tsiku limenelo tulutsani ana khumi, osati a m'timu, aonetse kunyamula thumba ndi kumanga kakolo wobinya, kenako aliyense agwire dzanja la kholo limodzi n'kuliwerengera kugunda kwa mtima. Bambo wa pamsika uja mumuitanire kutsogolo, mwana wake yemwe ndiye amuwerengere.